Tomato mumuphikadi, kapena mungomuonetsa moto chabe?

Mukapita kudya nsima pa maliketi ya Northmead nthawi ya lanchi, musathamangire kusamba m'manja. Yambani mwayang'ana m'mapoto. Mudzaona kuti supu ya tomato ili mitundu iwiri. Ina ndi yamadzimadzi, yotuwa, tuzidutswa twa tomato tuyandama monga twangogweramo mwangozi. Ina ndi yolimba, yofiira bwino, ndipo m'mbali mwa poto muli tumafuta tofiira monga dzuwa likamalowa. Ambiri timasankha yachiwiriyo chifukwa imaoneka bwino pa nsima ndipo imamveka mushe m'kamwa. Koma pali chifukwa china chimene maso saona. Supu yofiirayo imapatsa thupi lanu chinthu chimene supu yotuwa ija imangochidutsitsa m'mimba n'kupita nacho kuchimbudzi.

Chinthucho dzina lake ndi laikopini. Sabata ino tikambe za iye, chifukwa tomato tigula tsiku lililonse, mtengo wake umatiliza nthawi zina, ndipo n'zomvetsa chisoni kulipira ndalama yonse koma thupi n'kulandira kachenji chabe.

Laikopini ni chani kansi?

Laikopini ndi utoto wachilengedwe umene umafiiritsa tomato akapsa. Tomato wobiriwira alibe, olo alipo ndi wochepa maningi. Akamapsa, kubiriwira kumatha ndipo chipatsocho chimayamba kupanga utoto wofiira. Ndiye mukaona tomato wofiira kwambiri, dziwani kuti laikopini ali wambiri. Ali m'banja limodzi ndi utoto uja umene umapangitsa karoti kukhala ya orenji. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mukaroti thupi limausandutsa vitamini A, pomwe laikopini silimusandutsa. Iye amalowa m'magazi mmene alili n'kukakhala m'ziwalo monga chiwindi, khungu, ndiponso pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo.

Thupi lathu silipanga laikopini. Yense amene ali m'magazi anu anachokera m'mbale. Tomato wofiira wapakati, wolemera magalamu 100, amakhala ndi mamiligalamu awiri ndi theka kapena atatu. Ndi kanthu kang'ono zoona, koma utoto wake ndi wamphamvu. Ngati muli ndi kabokosi kapulasitiki konyamulira lanchi ku ntchito, kaja kanafiira mkati ndipo olo mukatsuke bwanji sikayera, amene anakadetsa ndi laikopini ameneyu.

Kabokosi kameneko kakuphunzitsani chinthu chachikulu koposa pa nkhani yonseyi. Madzi alephera kuchotsa utotowo chifukwa laikopini sasungunuka m'madzi. Amasungunuka m'mafuta. Sungani mfundo iyi m'mutu, chifukwa zonse zimene tikambe zikhala pa iyo.

Chifukwa chake tomato wosaphika ndi woumira

Tomato, monga chomera chilichonse, anamangidwa ndi tuzipinda tung'onotung'ono tosaoneka ndi maso. Kachipinda kalikonse kali ndi khoma lake lolimba, lopangidwa ndi ulusi umene mimba ya munthu siikwanitsa kugaya. Mkati mwa kachipindako muli tumatumba tina, ndipo m'tumatumbamo ndi mmene laikopini amakhala, wouma ndi wopanikizana monga tumiyala. Ganizirani ndalama imene ili m'kachikwama, kachikwamako kali m'sutikesi, sutikesiyo ili m'nyumba yokhoma. Ndalama ilipo, koma kuifikira ni nkhani ina.

Mukadya tomato wosaphika, mano amaphwanya tuzipinda tina, koma tambiri tumadutsa tathunthu. Laikopini wamkatimo amayenda ulendo wonse wa m'matumbo osatuluka m'nyumba yake. Olo uja amene watuluka, ngati sapeza mafuta oti asungunukemo, matumbo samutenga. Njira imene thupi limatengera laikopini ndi yomwe ija limatengera mafuta. Chakudya chamafuta chikafika m'matumbo, ndulu imatuluka n'kugawa mafutawo kukhala tumadontho tung'ono kwambiri, ndipo tumadontho timeneto ndi tomwe timalowa m'khoma la matumbo. Laikopini amakwera m'tumadonthomo monga munthu wokwera minibasi. Popanda mafuta, basi kulibe, ndipo iye amatsala pa siteshoni.

Manje kuphika kumachita zinthu zitatu. Choyamba, moto umafewetsa ndi kugumula makoma a tuzipinda tuja, laikopini n'kumasuka. Chachiwiri, ngati mupoto muli saladi, laikopini womasukayo amasungunukiramo musanadye n'komwe, ndipo n'chifukwa chake mafuta a supu yopsa bwino amafiira. Chachitatu n'chodabwitsako. Mu tomato wosaphika, pafupifupi laikopini yense amakhala woongoka monga kamtengo ka machisi, ndipo tumitengo toongoka timakonda kugwirana n'kupanga mtolo wovuta kusungunula. Akatenthedwa nthawi yaitali ali m'mafuta, wina amapindika. Wopindikayo sagwirana ndi anzake ndipo amalowa mosavuta m'tumadontho tija. Akatswiri akapima magazi a munthu amapeza kuti kuposa theka la laikopini wam'magazi ndi wopindika, ngakhale kuti thupi nalo limapinda wina palokha.

Anthu anazipima, si nkhani ya m'basi

M'chaka cha 1997, akatswiri a pa yunivesite ya mumzinda wa Düsseldorf ku Germany anapatsa anthu laikopini wofanana ndendende, mamiligalamu 23, m'njira ziwiri. Tsiku lina anawadyetsa tomato wosaphika, tsiku lina tomato pesiti, uja wolimba wam'chitini amene amaphikidwa kufakitale. Maulendo onse awiri anaikako mafuta ofanana, magalamu 15. Atapima magazi anapeza kuti pesiti anakweza laikopini kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa tomato wosaphika. Onani bwino apa. Laikopini anali wofanana, mafuta anali ofanana, chosiyana chinali kuphika ndi kuphwanya chabe.

M'chaka cha 2002, a pa yunivesite ya Cornell ku America anatenthetsa tomato pa madigiri 88, kutentha kotsala pang'ono kufika pa madzi owira. Atadutsa maminitsi awiri chabe, laikopini womasuka anakwera ndi theka. Pa maminitsi 15 anali woposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi poyamba. Pa maminitsi 30 sanakwerenso, anangokhala pafupi pomwepo. Moto sunapange laikopini watsopano ayi, unangomutulutsa mmene anabisala. Phunziro lake kwa ife ophika ndi lomveka: maminitsi awiri ndi ochepa, kota ya ola ndiye pamene phindu lalikulu limabwera, ndipo kupitirira theka la ola ndi kutha malasha.

Nanga mafuta? M'chaka cha 2004, a pa yunivesite ya Iowa State anadyetsa anthu ndiwo zamasamba zosaphika zokhala ndi tomato ndi karoti. Pamene anadya popanda mafuta olo pang'ono, laikopini amene anaoneka m'magazi anali pafupifupi kulibe. Ataikako magalamu 6 a mafuta, anayamba kuoneka. Ataika magalamu 28, anaonjezeka. Ndiye imwe a ku jimu ku Woodlands ndi ku Kabulonga amene mudya tomato na kabichi vosaphika, vopanda kanthu kalikonse kamafuta, ati "nifuna kuchepesa mimba", vitamini C mukumupeza, koma laikopini mukungomuperekeza.

Mapoto atatu, tomato mmodzimodzi

Tiyeni titenge nyumba ya anthu asanu ku Kabwata. Ndiwo za madzulo ndi kapenta. Pa tebulo pali matomato anayi apakati, anyezi mmodzi ndi kabotolo ka saladi. Matomato anayiwo, ngati ndi ofiira bwino, ali ndi laikopini pakati pa mamiligalamu 10 ndi 12 onse pamodzi. Kugawa kwa anthu asanu, aliyense ali ndi mamiligalamu awiri kapena kuposa pang'ono. Amenewa ndiwo ali mupoto. Amene afike m'magazi adalira wophika.

Poto woyamba ndi wa munthu wothamanga. Wafika mochedwa kuchokera ku tauni, ana ali ndi njala, nsima yapsa kale. Amakazinga kapenta, amadula tomato m'zidutswa zikuluzikulu zinayi, amaponya pamwamba, amathira madzi kapu yonse, zikangowira amaphula. Tomato wakhala pamoto maminitsi awiri kapena atatu. Mukayang'ana m'mbale, zidutswa zikali ndi makona ake, supu ndi yotuwa, mafuta ayandama achikasu monga mmene anachokera m'botolo. Mafuta achikasuwo akukuuzani kuti laikopini sanatuluke.

Poto wachiwiri ndi wa munthu wa moto waukulu. Kuchokera pomwe malaiti anavuta maningi mu 2024 chifukwa cha chilala ku Kariba, nyumba zambiri zinagula tumasitovu twa gasi, ndipo gasi ndi wachangu. Wophika amaika saladi wambiri, amatsegula moto mpaka kumapeto, mafuta amayamba kufuka utsi, ndiye amaponyamo tomato. Phokoso lake limamveka mpaka kwa aneba. Pakapita maminitsi ochepa madzi a tomato auma, pansi pa poto pagwira, supu yasanduka yabulauni ndipo ikuwawirako. Apa vuto ndi lina. Malinga ngati mupoto muli madzi a tomato, kutentha sikupitirira kwenikweni pa madzi owira, ndipo laikopini amapirira bwino. Madzi akangouma n'kutsala mafuta okha, kutentha kumakwera msanga, ndipo laikopini amene wangomasuka kumene amayamba kuonongeka. Kufiira kukasanduka bulauni, ndiye kuti mwamutulutsa m'nyumba n'kumuotcha pakhomo.

Poto wachitatu ndi umene tikufuna. Wophika amatsuka matomato n'kuwadula ting'onoting'ono pamodzi ndi khungu lake. Kudula bwino ndi theka la ntchito, chifukwa mpeni umayamba kale kugumula tuzipinda tuja. Amaika masupuni awiri aakulu a saladi mupoto, amakazinga kapenta mpaka waumako, n'kumuchotsa kumuika pambale. M'mafuta omwewo amaika anyezi, moto wapakati, mpaka anyezi wafewa koma sanade. Kenako amathira tomato ndi kamchere, amavundula, amachepetsa moto n'kuvundikira. Chivundikiro chimasunga nthunzi, ndiye tomato amapsa m'madzi ake omwe osauma. Pakatha maminitsi 10 amavundukula n'kuphwanya zotsala ndi mthiko. Akaona kuti pansi pafuna kugwira, amathira tumadzi masupuni awiri kapena atatu, osati kapu yonse. Amasiya maminitsi ena 5 mpaka 10 zikuwira pang'onopang'ono. Pomaliza amabweza kapenta, amaonjezera madzi ngati afuna supu yambiri, zimawira limodzi pang'ono, basi.

Mudzadziwa bwanji kuti zatheka? Simufunika makina. Zidutswa za tomato sizionekanso, zasanduka phala. Fungo lowawasa la tomato wosaphika latha, kwabwera lotsekemerako. Ndipo chizindikiro chachikulu ndi ichi: mafuta apatukana n'kukwera pamwamba ndi m'mbali, ali ofiira. Kufiira kumeneko ndi laikopini weniweniyo amene mukumuona ndi maso anu, wakwera kale basi, angoyembekeza ulendo.

Kwa imwe a mbaula, kuchepetsa moto kulibe batani, koma njira ilipo. Malasha akangoyaka kumene moto umakhala waukali, ndiye yambani ndi madzi a nsima kapena nyemba. Supu ya tomato ibwere pamene malasha ayamba kuvala phulusa. Ngati moto ukali waukali, wazani kaphulusa pamwamba pa malasha. Moto wofatsa wotere ndi umene tomato amafuna.

Saladi wochuluka bwanji?

Apa tisamvane molakwika. Wina aziti, "Ba kolamu bakamba ati tiziika saladi maningi." Awe. Masupuni awiri aakulu ndi magalamu pafupifupi 28, ndipo kugawa kwa anthu asanu aliyense amalandira magalamu 5 kapena 6. Amenewo ndi okwanira kuti basi inyamuke. N'zoona kuti mafuta ochulukirapo amanyamula laikopini wochulukirapo, koma amabweranso ndi kunenepa, ndipo BP na shuga zavuta kale m'makomboni mwathu. Kusambitsa ndiwo m'mafuta kuti mupeze laikopini kuli ngati kugula galimoto kuti mupeze kiyi.

Komanso mafuta sachokera m'botolo mokha. Nshawa pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye visashi vokhala ndi tomato wopsa bwino vimagwira ntchito yomweyo popanda dontho la saladi. Mazira ali ndi mafuta, nkhuku ndi nyama zili ndi mafuta ake, kotapela nayenso ali ndi mafuta abwino. Ngati mukonda tomato wosaphika pa buledi m'mawa, pakaniko kotapela kapena ikaniko dzira. Sizifika pa supu yophika, koma ndi bwino kuposa tomato yekha ndi mchere. Chofunika n'chakuti mafutawo ndi tomato zikumane m'mimba pa chakudya chimodzi, osati tomato m'mawa, mafuta madzulo.

Khungu musataye

Pali kachizolowezi kamene kafala, makamaka pa maphwando ndi pa ma kicheni pate: kumiza tomato m'madzi otentha n'kusenda, kapena kumupala pa gireta n'kutaya khungu lotsala m'manja. Supu imaoneka yosalala, zoona. Koma laikopini ndi wochuluka kwambiri m'khungu ndi m'mnofu umene wagundana ndi khungu kuposa m'kati mwamadzi muja muli njere. Mukataya khungu mwataya gawo lonona. Ngati tumakungu topiringizika m'supu tukunyansani, dulani tomato ting'onoting'ono kwambiri, kapena musinjeni mu kamtondo, kapena mu bulenda malaiti akakhalapo. Kungoti mutsuke bwino ndi madzi oyera musanadule, chifukwa alimi amapopera mankhwala ndipo tomato amayenda m'fumbi kuchokera ku munda mpaka ku Soweto.

Nkhani imayambira pa maliketi

Simungatulutse mupoto chimene mulibe mu tomato. Matomato ambiri amene timagula pa Northmead, ku Chelstone kapena pa kantemba ka pakona amadutsira ku Soweto m'mabokosi, ndipo alimi amawathyola asanapsetse kuti asaphwanyike pa msewu. Ndiye pa mulu umodzi mumapeza ofiira, a orenji ndi ena obiriwira kumutu. Ophika lero sankhani ofiira thupi lonse. Osapsetsa aja musawataye mtima, tomato amapitiriza kupsa ndi kupanga laikopini olo atathyoledwa, malinga mwamusunga malo oyenera.

Malo oyenerawo si mufiriji. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 12 kapena pafupi pamenepo, tomato amaleka kupanga utoto wofiira, ndipo kukoma kwake kumathanso. Muikeni m'mbale kapena mu kabasiketi m'nyumba, pamthunzi, masiku awiri kapena atatu. Mukaika nthochi yakupsa pafupi amapsa msanga, chifukwa nthochi imatulutsa mpweya wofulumizitsa kupsa. Akafiira bwino, ndiye mungamuike mufiriji kuti asaole.

Pa windo pamene pawomba dzuwa si malo abwinonso. Kutentha kukapitirira madigiri 30, tomato amavutika kupanga laikopini, ngakhale kuti utoto wachikasu amapitiriza kupanga. N'chifukwa chake mu Okutobala, Lusaka ikamaotcha, mumaona matomato ofewa, opsa ndithu, koma a orenji kapena achikasu kumapewa. Wogulitsa sanakunamizeni, ndi dzuwa lachita zimenezo.

Nanga aja otchipa, ophwanyika, amene amagulitsidwa padera madzulo? Tomato wofewa kwambiri kapena amene wangong'ambika lero chifukwa chopanikizana m'bokosi ndi wabwino pa supu, ndipo nthawi zambiri ndiye wofiira koposa. Muphikeni tsiku lomwelo. Koma amene wamera nkhungu yoyera kapena yakuda, amene akununkha kapena kutuluka thovu, musiyeni. Nkhungu zina zimapanga poizoni amene moto sumupha, ndipo mu chipatso chamadzi monga tomato kuola kumalowa mkati kupitirira pamene maso aonera.

Tomato akadula, pesiti ndi mnzanu

Tonse tidziwa mmene mtengo wa tomato umavinira. Mwezi uno bokosi latchipa mpaka ena akutaya, mwezi wina, makamaka nthawi ya mvula, matomato atatu chabe akudya ndalama ya basi. Pa nthawi yotere kachitini kapena kapaketi ka tomato pesiti kamathandiza. Pesiti ndi tomato wophikidwa mpaka madzi ambiri atauma, ndiye pa kulemera kofanana ali ndi laikopini pafupifupi kuwirikiza 10 kuposa tomato wa pa maliketi. Supuni imodzi yaikulu ili ndi mamiligalamu 4 kapena 5, kuposa tomato mmodzi ndi theka, ndipo ndi womasuka kale.

Tibwerere ku nyumba ija ya ku Kabwata. Ngati ndalama yakwanira matomato awiri chabe m'malo mwa anayi, laikopini mupoto watsika kufika pa mamiligalamu 5 kapena 6. Kuikamo supuni imodzi ya pesiti kumabweza poto pafupi ndi pamene unali. Muikeni pamodzi ndi tomato kuti akumane ndi mafuta, osati kumusungunula m'madzi pamapeto. Wotsala musamusiye m'chitini chotsegula. Muikeni mu kabotolo kotseka, thirani tusaladi pamwamba kuti mpweya usamufike, sungani pozizira ndipo mumalize m'masiku ochepa.

Tomato sosi wa pa chipisi nayenso ali ndi laikopini, koma amabwera ndi shuga ndi mchere wambiri. Musamuyese ndiwo zamasamba.

Chimene moto umatenga

Kulibe chaulere. Pa kupima kuja kwa ku Cornell, vitamini C anatsika ndi maperesenti 10 pa maminitsi awiri, 15 pa kota ya ola, ndi 29 pa theka la ola. Ndiye kuphika kumapatsa ndi dzanja limodzi, kumatengako ndi linalo. Koma onani kuti olo pa theka la ola, vitamini C wambiri anatsala. Ndipo vitamini C ndi wosavuta kupeza kwina: gwava, lalanje, mango, masuku pa nyengo yake, kapena tomato wina wosaphika pambali pa mbale.

Izi zikutiphunzitsanso kaphikidwe ka repu, chibwabwa ndi kalembula. Ambiri timayamba ndi masamba, tomato n'kubwera pamapeto. Zotsatira zake masamba amapsa mopitirira, tomato sapsa. Tembenuzani. Yambani ndi anyezi ndi tomato m'mafuta mpaka mafuta afiire, ndiye muike masamba aphike maminitsi ochepa chabe. Tomato amafuna nthawi, masamba safuna. Mukatero aliyense walandira chake, ndipo ndiwo zimakhala zobiriwira bwino pa supu yofiira.

Kodi ndi mankhwala a kansa?

Funso ili lifunika yankho loona, chifukwa pa mafoni pamayenda mauthenga ambiri, ndipo pali anthu ogulitsa mabotolo a mapilitsi a laikopini pa mtengo wa thumba la unga.

Mbiri yake inayamba kumveka mu 1995, pamene akatswiri a ku Harvard anatulutsa zimene anapeza atatsatira amuna oposa 47,000 kwa zaka zingapo. Amuna amene ankadya zakudya za tomato ka 10 kapena kuposa pa sabata anapezeka ndi kansa ya pulositeti mocheperako, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa atatu, poyerekeza ndi amene ankadya mwa apo ndi apo. Ndipo chimene chinaoneka champhamvu kwambiri chinali supu ya tomato yophika. Nkhani inafalikira dziko lonse.

Koma kupeza kuti odya tomato amadwala mochepa si umboni wakuti tomato ndiye wawateteza. Mwina anthu omwewo amadyanso bwino zinthu zina, kapena amakhala moyo wosiyana. Kafukufuku wina amene anatsatira anagwirizana nazo, wina sanapeze kusiyana. Bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, litaunika nkhaniyi mu 2005 linati umboni wake ndi wochepa kwambiri. Bungwe la World Cancer Research Fund mu 2014 linati umboni sukwanira kugamula. Pa za mtima ndi mitsempha ya magazi napo zizindikiro zilipo zolimbikitsa, koma mlandu sunathe.

Ndiye tiime apa. Laikopini ali m'gulu la zinthu zothandiza kuteteza tuzipinda ta thupi kuti tisaonongeke, supu ya tomato yopsa bwino ndi chakudya chabwino, ndipo kuiphika moyenera sikukudyerani ngwee yoonjezera. Koma si katemera ndipo sichiza kansa. Kansa ya pulositeti ndi imene imagwira amuna ambiri muno m'Zambia kuposa kansa ina iliyonse, ndipo ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, matenda atapita kale patali. Ngati atate anu, amalume kapena amuna anu akudzuka kambirimbiri usiku kukakodza, mkodzo ukutuluka movutikira kapena muli magazi, musawaonjezere tomato. Aperekezeni ku kiliniki. Mwamuna amene wadutsa zaka 45, makamaka ngati atate ake kapena mkulu wake anadwalapo matendawa, afunse adokotala za kupimitsa, olo akumva bwino.

Pali enanso ofunika kusamala. Amene ali ndi matenda a impso ndipo anauzidwa kuchepetsa potaziyamu asachulutse tomato, makamaka pesiti, asanafunse ku chipatala. Amene amavutika ndi chilungulira adziwa kale kuti supu ya tomato usiku imatha kuwalanda tulo, ndiye adye pang'ono ndiponso msanga.

Yesani madzulo ano

Gulani ofiira, dulani ting'onoting'ono na khungu lake, masupuni awiri a saladi pa poto wa banja, moto wofatsa, chivundikiro, maminitsi 15 mpaka 20. Kuti musadikire ndi njala, yambani supu musanaike madzi a nsima, iziphika yokha pambali kapena muiphule muvundikire. Musaphule mafuta akali achikasu.

Ndipo mawa pa lanchi, bamayo ba pa maliketi bakakufunsani ati "supu iti, mwana wanga?", lozani ija ya mafuta ofiira.

Tionana sabata ya mawa.